Lekani kulemba −30.5 ngati mphamvu ya ATP ya m'selo lamoyo

Sabata ziwiri zapitazi ndakhala ndikuchonga mayeso a teremu ino, ndipo funso limodzi landidwalitsa mutu. Funsolo linali lakuti: molo imodzi ya ATP ikaphwanyidwa ndi madzi n'kusanduka ADP ndi fosifeti m'selo lofiira la magazi a munthu, imatulutsa mphamvu yochuluka bwanji yogwirira ntchito? Manambala onse anaperekedwa pa pepalapo. Koma ophunzira ambiri anangolemba −30.5 kJ/mol, kutsekera mzere kunsi kwake, n'kupita ku funso lina. Aphunzitsi anzanga, vutoli lachokera kwa ife, chifukwa nambalayi timailoweza ana ngati vesi la ku Sande sukulu osawauza kumene inachokera.

−30.5 kJ/mol ndi ΔG°′, ndipo imagwira ntchito pamene ATP, ADP ndi fosifeti zili 1 M chilichonse, pH ili 7, kutentha kuli 25 °C. Ndiuzeni selo limene munalionapo lili choncho. Kulibe. M'selo lofiira la munthu ATP imakhala pafupifupi 2.25 mM, ADP 0.25 mM, fosifeti 1.65 mM, ndipo thupi limatentha 37 °C. Mphamvu yeniyeni imapezeka motere:

```
ΔG = ΔG°′ + RT ln([ADP][Pi]/[ATP])
RT = 8.315 × 310 = 2578 J/mol = 2.58 kJ/mol
Q  = (0.00025 × 0.00165) / 0.00225 = 0.000183
ln Q = −8.6
ΔG = −30.5 + (2.58 × −8.6) = −52.7 kJ/mol
```

Kusiyana kwake ndi 22 kJ pa molo iliyonse. Zimenezo si zoti munthu anganene kuti "ndinangophonya pang'ono". Chimene chakweza mphamvuyo n'chakuti selo limasunga ATP yambiri pomwe ADP ndi fosifeti limazichotsa msangamsanga. ATP itasiyidwa yokha mpaka zinthu zitakhazikika, pafupifupi yonse ikanatha n'kusanduka ADP ndi fosifeti, ndipo pamenepo ΔG ikanakhala ziro, ngakhale kuti tinthu tochepa ta ATP totsalato tili bwinobwino ndi mafosifeti ake atatu. Selo lamoyo limakhala kutali kwambiri ndi mkhalidwe umenewo, ndipo kutalikako ndiye mphamvu imene tikuwerengayi.

Izi zimandikumbutsa amalume anga ena amene ali ndi dimba la tomato. Chaka china anagula thanki yaikulu ya madzi, naikhazika pansi pomwepo m'mbali mwa dimba, n'kulumikiza mapaipi. Atatsegula mpopi madzi ankangodontha, osafika ku mizere ya kumtunda. Anabwera kwathu akutukwana wogulitsa. "Mphwanga, thankiyi yalembedwa malita ambirimbiri, nanga madzi akukanikiranji kuyenda? Andibera anthu aja." Ndinawayankha kuti, "Amalume, malita olembedwawo sakankha madzi ayi, chimakankha madzi ndi msinkhu wa pamene thankiyo yakhala." Anakana kwa sabata yathunthu, kenako anaumba njerwa, kumanga chiunda, n'kuikweza. Madzi omwe aja, thanki yomwe ija, koma tomato wa kumtunda anamwa. Mpaka lero amanena kuti nzeruyo inali yawo.

Tsono taonani zimene wophunzira amataya akakakamira −30.5. Tengani pampu ya sodiyamu ndi potaziyamu imene ili pa khungu la selo la mitsempha. Pa ATP imodzi, pampuyi imatulutsa Na⁺ atatu n'kulowetsa K⁺ awiri. Tiyerekeze kuti sodiyamu ali 12 mM m'kati ndi 145 mM kunja, potaziyamu 140 mM m'kati ndi 4 mM kunja, ndipo magetsi a pa khungupo ali −70 mV. Kutulutsa molo imodzi ya sodiyamu kumadya 13.2 kJ, chifukwa akukankhidwira kumene ali wambiri kale komanso akulimbana ndi magetsi amene akumukokera m'kati. Atatu ndiye 39.5 kJ. Potaziyamu ndi wotchipa, chifukwa magetsi omwewo amamuthandiza kulowa: 2.4 kJ pa molo, awiri 4.8 kJ. Zonse pamodzi ndi 44 kJ ndi kanthu pang'ono.

Wophunzira wa −30.5 uja akafika apa wagwa m'mbuna. Ali ndi 30.5 m'thumba, katundu ndi wa 44. Masamu ake akumuuza kuti pampuyo singazungulire, kapenanso kuti iyenera kuzungulira chobwerera m'mbuyo, sodiyamu akulowa ndipo ATP ikupangidwa. Komabe iye mwini wakhala pa desiki, mitsempha yake ikugwira ntchito, dzanja likulemba. Mmodzi pa mapepala ndachongawa anayesa kuzemba polemba kuti pampuyo imadya ma ATP awiri. Ayi ndithu, imadya imodzi, ndipo imodziyo imakwana chifukwa m'maselo amoyo ΔG imakhala pakati pa −50 ndi −65 kJ/mol.

Gulu lachiwiri ndi limene linandimvetsa chisoni, chifukwa fomula analemba yolondola. Kulakwa kwawo kunali kuthira 0.25, 1.65 ndi 2.25 m'kakyuleta osasintha mM kukhala M. Q anatuluka 0.183, ndipo yankho linabwera −34.9. Ena amaganiza kuti timayunitsito timafafanizana tokha. Sititero, popeza pamwamba pali zinthu ziwiri, pansi chimodzi, ndiye 0.001 mmodzi amatsala. Kamodzi kameneko n'kolemera 17.8 kJ. Ndikangoona −35 pa pepala ndimadziwiratu nthenda yake osawerenganso mizere ya pamwamba. Ndikaona −40 ndimadziwa kuti munthu wadina `log` m'malo mwa `ln`. Ndikaona −33, wathira 37 pamalo pa 310.

Ndipo chonde, mawu aja akuti "mphamvu imasungidwa m'mfundo ya fosifeti yomaliza" tiwachepetse. Anatchuka kuchokera mu 1941, pamene Fritz Lipmann anayamba kujambula mfundoyo ndi kamzere kokhotakhota, ~P, ndipo panthawiyo anathandiza. Koma ana athu amawamva ngati kuti mphamvuyo ndi ndalama yomangidwa pa mpango, yosasintha kulikonse kumene ungapite nayo. Kudula mfundo pakokha kumadya mphamvu, sikutulutsa. Phindu limabwera chifukwa ADP ndi fosifeti zikakhala m'madzi zimakhazikika bwino kuposa ATP, kuphatikizapo kuchuluka kwa chilichonse panthawiyo. Mwana amene waloweza za mpango uja sangamvetse chifukwa chimene selo la mtima losowa mpweya limayamba kulephera kupopa kashiyamu ATP isanatheretu. Chimene chachitika n'chakuti fosifeti ndi ADP zaunjikana, Q wakwera, ndipo ATP iliyonse yotsalayo ikukankha mofooka.

Zoti muchite n'zochepa. Sinthani zonse kukhala M musanakhudze kakyuleta, ndipo kutentha kukhale mu K. Kumbukirani kuti pa 37 °C, Q akatsika kakhumi ΔG imatsika ndi 5.9 kJ, choncho mutha kuyesa yankho pamtima: Q wa 0.0001 watsika kakhumi maulendo anayi, 23.6 kJ, ndiye yankho likhale cha m'ma −54. Mukapatsidwa manambala a m'minofu, funsani ngati ADP yatchulidwayo ndi yonse kapena yoyandama yokha, chifukwa yambiri imakhala yomatirira ku mapuloteni ndipo siilowa mu Q. N'chifukwa chake m'minofu yopuma yankho limafika −60 kapena kupitirira. Za maginiziyamu ndi pH, zimenenso zimasuntha ΔG°′ yeniyeniyo, tidzakambirana teremu ikubwerayi tikamaliza kubweza mapepala.