Musathamangire mawu aafupi pofufuza lamulo la fonoloje

Anzanga amene mukulimbana ndi fonoloje kuno ku Mzuzu, pali dzenje limene ambiri timagweramo: kutenga mawu aafupi n'kuwayesa gwero la anzake aatali.

Taonani mawu awa a chilankhulo cha ku Turkey. Kanat ndi phiko, kanadı ndi phiko lake. Maso amathamangira kunena kuti t amasanduka d akakhala pakati pa mavawelo. Musalembe kaye. Yendetsani chala pamndandanda wonse kufuna mawu otsutsa ganizolo. Mupeza sanat, luso, ndi sanatı, luso lake. Apatu t ali pakati pa mavawelo koma sanasinthe, ndiye lamulo lija lagwa.

Tsono litembenuzeni. Nenani kuti tsinde la phiko ndi kanad, la luso ndi sanat, ndipo d amasanduka t kumapeto kwa mawu. Onse anayi akutuluka bwinobwino. Ine ndimagwira pakhosi potchula: pa d pamanjenjemera, pa t pali zii. Kunjenjemerako n'kumene kukutayika, monganso b amasanduka p mu kitap, buku, poyerekeza ndi kitabı, buku lake.

Koma musalikulitse lamulolo mopyola. Kız, mtsikana, amathera ndi z osasanduka s, choncho likukhudza makonsonanti otsekeratu mpweya okha.