Mmene nimu anandithandizira pa zidzolo za thukuta

Mwezi wa Okutobala kutentha kwa ku Blantyre kunanditulutsa tizidzolo toyabwa m'khosi ndi kumsana. Ndinathyola masamba a nimu kwa anansi kuno ku Ndirande, odzaza manja awiri, ndikuwatsuka n'kuwawiritsa m'malita awiri a madzi kwa mphindi 10. Atazizira ndinasefa.

Koma sindinathamangire kusamba, chifukwa khungu la ena limadana ndi nimu. Ndinapaka madziwo pang'ono mkati mwa mkono, pafupi ndi chigongono, pamalo aakulu ngati ndalama yachitsulo pomwe panalibe chilonda. Ndinabwereza m'mawa ndi madzulo, n'kumayang'anitsitsa kwa maola 48, poti ziwengo zina zimachedwa kutuluka. Pakafiira, kutupa, kuyabwa kapena kuchita matuza, tsukanipo ndi sopo, nimuyo mumusiye. Milomo ikatupa kapena mpweya ukabanika, thamangirani kuchipatala.

Kwa ine sipanasinthe kanthu. Ndinayamba kupukuta pazidzolo ndi kansalu koviika m'madziwo, ophika tsiku lomwelo, osafikitsa m'maso, ndipo kuyabwa kunachepa. Mphere yokha musaitayire nthawi ndi nimu, imafuna mankhwala akuchipatala banja lonse. Makanda musawapake kapena kuwamwetsa.