Momwe mungawerengere ndalama zonse zofunika mbale wanu akagonekedwa m'chipatala ku Mangochi

Pachipatala chachikulu cha boma ku Mangochi wodwala salipira bedi, salipira dokotala, ndipo mankhwala akakhalapo amalandira ulere. N'chifukwa chake mabanja ambiri amanyamuka ndi ndalama yoyendera yokha, kenako pofika tsiku lachitatu gadiyani ayamba kuimbira foni abale kuti makala atha. Ndalama zambiri zimathera pa munthu wodikirira wodwalayo, pa maulendo, ndi pa mankhwala amene asowa m'chipatala.

Tiwerengere limodzi ndi chitsanzo cha mayi a kumudzi wina kufupi ndi Namwera amene agonekedwa paboma ndi chibayo, ndipo akuwadikirira ndi mwana wawo wamkazi. Mitengo ili m'munsimu ndi yongowerengera. Inu muikepo ya lero, poti katundu akukwera msangamsanga.

Choyamba: funsani masiku

Chilichonse chimatsamira pa masiku. Madokotala akamazungulira mu wodi m'mawa, gadiyani afunse mwaulemu kuti, "Adokotala, mukuona ngati amayiwa tikhala nawo kuno masiku angati?" Sangakulonjezeni tsiku, koma angakuuzeni ngati ndi nkhani ya masiku atatu, sabata, kapena mwezi. Wothyoka ntchafu amene amukoka mwendo amakhala masabata angapo, pomwe wa malungo akhoza kutuluka masiku ochepa.

Akanena masiku 7, inu werengerani 10. Kutentha thupi kukhoza kuchedwa kutsika, zotsatira za magazi kuchedwa, kapena tsiku lotuluka kugwera Loweruka n'kudikira Lolemba.

Chachiwiri: ndalama ya tsiku limodzi la gadiyani

Chakudya cha chipatala ndi cha wodwala, gadiyani amadziphikira yekha kumalo ophikira odikirira odwala. Ndiponso wodwala wofooka nthawi zambiri amakana nsima ya nyemba, amafuna phala, tiyi, nthochi kapena msuzi wa nsomba. Choncho mphika wa gadiyani umadyetsa anthu awiri, ngakhale kunyumba mumaganiza kuti ndi wa mmodzi.

Lembani zomwe zimagulidwa tsiku lililonse. Mwachitsanzo, ndiwo, kaya usipa ndi tomato kapena masamba, K3,000. Makala K1,500. Shuga, masamba a tiyi ndi kachakudya ka m'mawa K2,000. Sopo, mayunitsi ndi kutchajitsa foni K1,500. Zonse pamodzi K8,000 pa tsiku, ndipo masiku 10 ndi K80,000. Sopo musamupeputse: wodwala amene sakutha kudzuka amafuna kuchapiridwa zitenje tsiku ndi tsiku.

Ufa sitinauwerengere chifukwa ndi bwino kuchoka nawo kumudzi, pamodzi ndi mchere, nyemba ndi mtedza wosinja. Kugula ufa wa pambale paboma kumadya ndalama kuposa ndiwo. Beseni, ndowa, poto, mbale, mkeka ndi bulangete nazonso munyamule. Ngati munachoka mothamanga usiku, ikanipo K10,000 yogulira zimene munaiwala.

Chachitatu: maulendo ndi atatu, si umodzi

Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa kwambiri. Ulendo wopita: njinga yamoto kuchoka kumudzi kufika pa Namwera K3,000 munthu mmodzi, minibasi kutsika mpaka paboma K6,000, kabaza kuchoka padepoti kufika pachipatala K1,000. Munthu mmodzi ndi K10,000, awiri K20,000. Ulendo wobwerera ndi K20,000 inanso, ndipo imeneyi muisunge payokha tsiku lomwelo, isasakanikirane ndi ya ndiwo. Palibe chowawa ngati kuuzidwa kuti mwatulutsidwa koma mulibe yokwerera.

Ulendo wachitatu ndi wa pakati: wina wobweretsa ufa wina, kapena wodzalandira gadiyani atatopa, kupita ndi kubwera K20,000. Maulendo onse afika K60,000. Ochokera ku Makanjira kapena ku Chilipa akudziwa okha kuti kwawo chiwerengerochi chimakwera, makamaka nyengo ya mvula.

Tinene mosabisa: abale asanu akabwera kudzazonda, aliyense atalipira K20,000 yoyendera, ndalama imeneyo ikanakwanira chakudya cha masiku onse. Gwirizanani kuti abwere mmodzi, enawo atumize pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo wotumiza aonjezere yotapira. Koma wodwala akafunika magazi ndipo achipatala apempha achibale oti apereke, ulendo wa amenewo ndi wosazembeka.

Chachinayi: mankhwala ogula kunja

Namwino akakuuzani kuti mankhwala ena atha ndipo mukagule kufamase, musathamange musanadziwe kuchuluka kwake. Zonse zalembedwa m'buku la kuchipatala kapena pakapepala, mwachidule. Zilembo od zikutanthauza kamodzi pa tsiku, bd kawiri, tds katatu, qid kanayi. Kenako pamabwera masiku: 5/7 ndi masiku asanu, 2/52 ndi masabata awiri.

Tinene kuti alemba Amoxicillin 500mg tds 5/7, ndipo kufamase ali ndi makapisozi a 250mg. Wodwala amwa awiri nthawi imodzi, katatu pa tsiku, kwa masiku asanu: 2 kuchulukitsa ndi 3 kuchulukitsa ndi 5, makapisozi 30. Funsani mtengo wa onse 30, osati wa kapaketi kamodzi ka 10. Jakisoni ndiye amakwera mtengo kwambiri, chifukwa kabotolo kalikonse ndi ka nthawi imodzi. Funsani kuti mabotolo onse ndi angati, komanso ngati majakisoni obayira ndi madzi osungunulira alipo mu wodi.

Musanagule, funsani zinthu ziwiri: ngati pali mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo amene alipo m'chipatala, ndiponso ngati angawasinthe mawa. Mankhwala a jakisoni ndi bwino kugula a masiku awiri kapena atatu poyamba, chifukwa wodwala akayamba kupeza bwino dokotala amatha kumusinthira akumwa, ndipo famase sidzalandiranso otsalawo. Koma akumwa opha tizilombo gulani onse, wodwala asalekeze panjira. Yerekezani mitengo m'mafamase awiri, onani tsiku lothera ntchito pabokosi, ndipo za pamsika zisiyeni. M'chitsanzo chathu tisunge K30,000 ya mankhwala.

Chachisanu: phatikizani, kenako gawanani

Chakudya ndi zina za tsiku ndi tsiku K80,000, ziwiya K10,000, maulendo K60,000, mankhwala K30,000. Zonse ndi K180,000, pachipatala chaulere. Ngati gadiyani amagulitsa nsomba pamsika kapena amadalira ganyu, onjezani chakudya cha ana otsala kunyumba masiku 10 amenewo.

Zinthu ziwiri zingasinthe chiwerengerochi. Mukapita kuchipatala cha mishoni monga St Martin's ku Malindi kapena Koche, pamabwera bilu ya bedi, zoyeza ndi mankhwala. Funsani kumalo olipirira mtengo wa tsiku limodzi, muzifunsa bilu masiku awiri aliwonse, ndipo amayi oyembekezera afunse ngati chithandizo chawo chikulipiridwa ndi boma. Chachiwiri ndi kutumizidwa ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre. Ambulansi ikakutengani, funsiranitu za pobwerera, ndipo masiku muwerengenso kuyambira pachiyambi, poti kumeneko wobweretsa ufa sangafike msanga.

Ndalama yonse siifunika tsiku limodzi. Ponyamuka pakhale yopitira, yobwererera, ya mankhwala ndi ya masiku atatu, yomwe m'chitsanzochi ndi K94,000. Yotsalayo abale agawane ndipo aliyense auzidwe tsiku lotumiza. Ngati pafunika kukongola, kubanki m'khonde kuli bwino kusiyana ndi katapila, ndipo mukongole kamodzi chiwerengero chomwe mwapezachi. Gadiyani akhale ndi kakope kolembamo chilichonse chomwe wagula ndi malisiti a kufamase, kuti otumiza aone komwe ndalama zapita.