IDW kapena kirigingi pamene malo oyezera mvula ndi ochepa

"Ndili ndi malo 12 oyezera mvula m'chigwa cha Shire. Ndipange mapu a mvula ndi IDW kapena kirigingi?"

Njira ziwirizi zimayerekeza mvula ya pamalo opanda choyezera kuchokera ku zoyezera zozungulira: IDW imadalira mtunda wokha, pomwe kirigingi imaonanso mmene mvula imasiyanirana pakati pa zoyezerazo. Musanayambe, khalani ndi manambala osonyeza pamene choyezera chilichonse chili komanso mvula ya nyengo yofanana, m'mamilimita.

1. Sinthani manambala a malowo kuchoka ku madigiri kupita ku mamita pogwiritsa ntchito EPSG:32736, dongosolo la mapu la dera limeneli loyeza malo m'mamita, chifukwa njira zonse ziwiri zimadalira mtunda.

2. Yambani ndi IDW, pomwe mphamvu ya choyezera chilichonse ndi `1/d²`, ndipo `d` ndi mtunda wochokera pa choyezeracho kufika pamalo amene mukuyerekeza mvula yake. Zoyezera za pa makilomita 10, 20 ndi 40 zikalemba mamilimita 60, 30 ndi 12, mphamvu zake zimakhala 16, 4 ndi 1, ndipo yankho ndi mamilimita 52. Njirayi singapitirire mvula yaikulu imene inayezedwa, choncho idzachepetsa mvula ya pamapiri opanda choyezera.

3. Jambulani variyogiramu, chithunzi cha madontho osonyeza mmene mvula ya zoyezera ziwiriziwiri imasiyanirana malinga ndi mtunda wa pakati pawo, musanayese kirigingi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa malo 12 amangopereka mapeya 66 a zoyezera ziwiriziwiri, ndipo mukawagawa m'magulu a mtunda, gulu lililonse limatsala ndi ochepa kwambiri. Madontho akamwazikana osakwera mwadongosolo pamene mtunda ukukula, musakhulupirire mzere umene kompyuta yadutsitsapo, ngakhale mapu ake atuluke osalala bwino.

4. Chotsani choyezera chimodzi, yerekezani mvula yake kuchokera ku 11 zotsalazo, bwerezani pa zonse, kenako sankhani njira ya RMSE yochepa, womwe ndi muyeso wa kusiyana kwa mvula yoyerekeza ndi yoyezedwa.

Pa malo 12 okha ine ndingasankhe IDW, pokhapokha kirigingi itapambana moonekeratu pa gawo lachinayi.