Akudulani kawiri pa khadi? Zomwe mulembe ku banki kuti chajibaki idutse

Chajibaki ndi pomwe banki yanu ikukatenganso ndalama ku banki ya wogulitsa kudzera mu malamulo a Visa kapena Mastercard. Banki yanu siikubwezerani za m'thumba mwake ayi, ikukuyimirani pa mlandu, ndipo wogulitsa nayenso amapatsidwa mpata woyankha. Ndiye zomwe mwalembazo ndi mapepala omwe mwapereka ndi zomwe zimakamenya nkhondo kumeneko, inuyo simukhalako.

Ine yanga inali ya batire ya laputopu yomwe ndinagula pa intaneti, madola 64, oda imodzi batire imodzi koma pa akaunti zinachoka kawiri tsiku lomwelo.

Choyamba onani ngati ndalama yachokadi. Mu apu ya banki mzere wina umalembedwa Pending, kutanthauza kuti ndalama yangogwiridwa siinapite, ndipo nthawi zambiri umafufutika wokha pakapita masiku angapo. Mabanki ambiri satsegula chajibaki pa Pending, amati dikirani ilowe mu sitetimenti. Onaninso dzina lomwe lalembedwa pa mzerewo, pena limakhala la kampani yomwe imawatolera ndalama osati la shopu yomwe mukuidziwa, musafulumire kunena kuti akuberani.

Kenako sankhani chifukwa chimodzi. Fomu ya banki imakhala ndi timabokosi ndipo kalikonse kali ndi nambala yake ku Visa: 12.6 ndi kudulidwa kawiri kapena kudulidwa pa khadi mutalipira kale njira ina, 12.5 ndi kudulidwa ndalama yosiyana ndi ya pa risiti, 13.1 ndi katundu sanafike, 13.6 ndi analonjeza kubweza koma sanabweze. Ku Mastercard kudulidwa kawiri kumagwera pa 4834. Simukufunika kuloweza manambalawa, a banki amaika okha, koma amaika potengera mawu anu. Anthu ambiri akapsa mtima amachonga kabokosi koti sindikuidziwa tiranzakishoni iyi poganiza kuti ndi kachidule. Musatero ngati munagula nokha. Wogulitsa angotulutsa oda ya dzina lanu, adilesi yanu, ndi umboni woti munalowetsa OTP, kanambala kachinsinsi kaja komwe banki imakutumizirani pogula, mlandu wathera pomwepo, komanso banki itseka khadi yanu n'kukupangitsani ina chifukwa mwanena kuti yabedwa.

Tsopano pomwe panandivuta ine ndi pa umboni woti munayesa kukambirana ndi wogulitsa. Mabanki ambiri amafunsa zimenezi asanayambe, ndipo safuna nkhani ya pakamwa. Wogulitsa wanga analibe foni kapena imelo yooneka, kunali kabokosi ka macheza pa webusayiti basi. Munthu wa mmenemo anavomera bwinobwino kuti inde taona, tibweza pasanathe masiku khumi. Masiku anadutsa, ndalama zii, nditabwerera pa kabokosi kaja macheza onse anali atafufutika ngati sitinalankhulepo. Banki inandibwezera fomu kuti palibe chosonyeza kuti wogulitsa anauzidwa. Ndipo ogulitsa achinyengo amadziwa zimenezi, amakuyankhani mokoma, dikirani sabata ino, sabata yamawa akuti wa zachuma sali mu ofesi, cholinga nthawi ithe. Pa milandu yambiri ya Visa malire ndi masiku 120 kuchokera tsiku lomwe ndalama inadulidwa, ya kudulidwa kawiri ku Mastercard ndi masiku 90, ndipo banki yanu ikhoza kukhala ndi malire ake aafupi kuposa apa chifukwa nayo imafuna nthawi yokonza mapepala. Masiku akatha ngakhale mutakhala olondola bwanji palibe chomwe angachite.

Chomwe chinagwira ntchito ndi ichi. Ndinapeza imelo yawo pansi pa risiti ya oda, ndinalemba zachidule: nambala ya oda, tsiku, ndalama, kuti yachoka kawiri, ndikufuna imodzi ibwezedwe pofika tsiku lakuti. Ndinalowanso pa macheza paja n'kujambula sikirinishoti iliyonse tsiku ndi nthawi zikuoneka. Asayankhe, palibe vuto, imelo yosayankhidwa ndi umboni ndithu bola ikuonetsa tsiku lomwe inatumizidwa ndi komwe inapita. Akayankha kuti tabweza kale, apempheni ARN. Imeneyi ndi nambala ya manambala 23 yomwe imatsatira tiranzakishoni ya khadi kuchoka ku banki ina kupita ku ina, banki yanu ikhoza kuifufuza n'kuona ngati ndalama inatumizidwadi. Yemwe wabwezadi savutika kuipereka. Wanga atafunsidwa ARN anangosiya kuyankha, ndipo kusiya kuyankhako ndinakuphatikiza pa mapepala.

Kalata yopita ku banki isakhale yaitali, wowerengayo ali ndi mulu wa zina. Yanga inali pafupifupi chonchi:

"Ndikutsutsa tiranzakishoni imodzi pa khadi yothera ndi manambala 0000. Pa 3 Malichi ndinagula batire imodzi, oda nambala yakuti, mtengo madola 64. Sitetimenti ikuonetsa madola 64 atachoka kawiri tsiku lomwelo kupita kwa wogulitsa yemweyo. Yoyamba ndikuivomereza, yachiwiri ya refarensi yakuti ndi yomwe ndikuitsutsa. Ndinalembera wogulitsa pa 20 Malichi ndi pa 27 Malichi, sanabweze. Ndikupempha chajibaki ya madola 64 pa chifukwa cha kudulidwa kawiri."

Mwaona ndanena kuti iyi ndikuivomereza, iyi ayi. Pa kudulidwa kawiri banki imafunika kuloza tiranzakishoni yolondolayo kuti ionetse kuti inayo ndi yobwereza, mukatsutsa zonse ziwiri pomwe batire muli nayo m'manja mwadzisokonezera nokha. Chimodzimodzi akadula 94 m'malo mwa 64, mutsutse 30 yokhayo osati yonse.

Zophatikiza: tsamba la sitetimenti mizere iwiriyo mutaizunguliza, risiti ya oda yoonetsa chinthu chimodzi ndi mtengo umodzi, maimelo, masikirinishoti. Ngati tsamba la akaunti yanu pa shopupo likuonetsa oda imodzi yokha lijambuleninso, chifukwa yankho lomwe ogulitsa amakonda ndi loti anagula kawiri ameneyo. Nambala yonse ya khadi musalembe mu imelo, manambala anayi omaliza akwana, PIN ndi CVV, manambala atatu aja a kuseri kwa khadi, banki siifunsa. Ndipo alipo anthu pa intaneti omwe amati tikuthandizani kubweza ndalama mutipatse kaye kangachepe, ndi akuba achiwiri amenewo, fomu mumadzaza nokha ku banki yanu. Funsani chabe ngati banki imadula kenakake mlandu ukalephera, ena amadula.

Mukapereka tengani nambala ya dandaulo ndi tsiku. Mabanki ena amakuikirani ndalama mongoyembekezera, musaidye msanga poti wogulitsa ali ndi masiku pafupifupi 30 ku Visa, 45 ku Mastercard oti ayankhe, akapambana imachotsedwanso. Akatsutsa pemphani kuona zomwe wapereka ndipo muyankhe msanga, masiku a gawo limeneli amakhala ochepa. Ngati munagula mu ndalama yakunja yobwerayo ikhoza kusiyana pang'ono ndi yomwe inachoka chifukwa cha reti ya tsikulo. Wogulitsa akadzabweza yekha chajibaki itadutsa kale auzeni a banki, apo ayi adzaichotsa okha tsiku lomwe simukuyembekezera.