Kanyale ka kiyi kakuphethira, inu mukugula pampu ya mafuta bwanji?

Miyezi ino magalimoto akukokeredwa ku galaja ali ndi batire yakufa, sitata yopsa, ena mawaya a pansi pa chiwongolero atadulidwadulidwa, koma ukafufuza bwino vuto linayambira pa kiyi basi. Ndipo galimotoyo inali itanena kale kuti vuto ndi kiyi, kanyale kaja kali ndi chithunzi cha kiyi, kapena kagalimoto kokhala ndi loko pakati, pena kolembedwa SECURITY, kanali kuphethira pa dashibodi nthawi yonseyo pamene mwini wake amapotokola kiyi ngati akulimbana nayo. Anthu sitiyang'ana dashibodi. Galimoto ikangokana kulira maso onse amathamangira ku boneti, wina akuti mapulagi, wina akuti pampu, wina wayamba kale kuitana anyamata kuti akankhe, palibe amene wakhala pampando n'kuona kuti kodi nyale zikuti chani.

Kanyale kameneka ndi ka imobilaiza, dongosolo loletsa akuba kuliza galimoto ndi kiyi wachilendo. M'mutu mwa kiyi wanu, mu pulasitiki wakuda uja, muli kachipu kakang'ono kwambiri, ena amakhala kagalasi kotalika pang'ono, ena kakuda kaphwatalala. Pakamwa pomwe mumalowetsa kiyi pali koyilo yozungulira yobisika kuseri kwa pulasitiki. Mukatembenuza kiyi kufika pa ON koyilo ija imapatsa kachipu mphamvu popanda waya, kachipu kamayankha ndi nambala yake yachinsinsi, kompyuta ya galimoto ikaizindikira nambalayo ndiye imalola mafuta kulowa mu injini. Ikapanda kuizindikira imatseka mainjekitala, magalimoto ena amatsekanso moto wa ku mapulagi, ena ngakhale sitata yomwe. Zili ngati mlonda wa pageti amene sakukudziwani, mungagogode mpaka dzanja kutupa satsegula.

Ndiye chimene chimandipweteka mutu ndi ichi chopotokola kiyi mobwerezabwereza. Injini ikuzungulira bwinobwino, kerekerekere, koma osagwira, munthu akuti mwina ulendo uno igwira, akupopa ndi chopondera mafuta chomwe, chizolowezi cha nthawi ya makabuleta chija chimene pa galimoto ya mainjekitala sichithandiza kalikonse. Sitata sinapangidwe kuti izizungulira nthawi yaitali, masekondi 10 akwana kenako izipuma, koma anthu amaigwiritsa mpaka kumveka fungo la kupsa. Pakutha pa theka la ola batire yatha. Tsopano muli ndi mavuto awiri, ndipo lachiwirilo limabisa loyamba, chifukwa makaniko akafika apeza batire yakufa, anena kuti vuto ndi batire, mugula ina, muiika, galimoto ikanabe. Pa ma Nissan pali zinanso, mukayesa kulizira kangapo motsatizana ndi kiyi amene sakuzindikirika dongosololo limadzitseka lokha, makina oyezera amaonetsa P1610, ndiye mwawonjezera ntchito pomwe panalibe.

Zokankha nazonso zisiyeni. Kukankha kumathandiza pamene sitata kapena batire yafooka, chifukwa matayala ndi amene amazunguza injini m'malo mwa sitata. Apa injini ikuzungulira kale, chimene chikusowa ndi chilolezo cha kompyuta, ndiye mungaitsitse phiri lonse mafuta salowa. Ena amathira petulo pang'ono polowera mpweya, injini n'kutsokomola kamodzi kawiri n'kuzima, pompo aliyense wagamula kuti mwaona, mafuta sakufika, pampu yafa. Zoona mafuta sakufika, koma amene wawatseka ndi kompyuta, pampu ili bwinobwino. Mapampu ambiri abwino achotsedwa m'mathanki chifukwa cha kuyesa kumeneku, osanenanso kuti petulo wothira pamenepo akhoza kukulavulirani moto kumaso.

Bambo wina mlimi, ali ndi pikiapu yake yonyamulira zokolola, anabwera atavutika nayo sabata yathunthu. Kiyi wake pulasitiki inali itang'ambika, kachitsulo kakugwedera, ndiye anagula chikhokho chatsopano, mwana wake n'kumusamutsira kachitsulo ndi kabolodi ka rimoti madzulo ali kunyumba. M'mawa rimoti ikutsegula zitseko bwinobwino, kiyi akulowa, akutembenuka, nyale zonse zikuyaka, injini ikuzungulira, osalira. Poti zitseko zimatseguka sanaganizeko za kiyi ngakhale pang'ono. Anasintha fyuluta ya mafuta, anasintha pampu, wina wa zamagetsi anabwera n'kusenda mawaya kuseri kwa chiwongolero kuti alumikize mwachidule, ndipo pamene amafika kwa ife n'kuti akukambirana zogula kompyuta ya injini yakale yochotsa pa galimoto ina. Ndinakhala pampando, kiyi pa ON, kanyale kakungophethira osasiya. Ndinafunsa kuti bambo, kiyiyu akuoneka watsopano, wakale ali kuti? Akuti "Ndi yemweyo, tangosintha chikhokho, chakalecho tinataya." Kachipu kanatsala mu chikhokho chakalecho, kanali mu kamphako kake pakona, komatidwa ndi guluu, mwanayo sanakaone n'komwe. Mwamwayi kiyi wa sipeya anali kwa mayi a kunyumba, atabwera naye galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, koma mawaya osendedwa aja anatidyera tsiku lonse kubwezeretsa.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, rimoti ndi kachipu ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale zili mu kiyi mmodzi. Rimoti imadya kabatire kozungulira kaja ndipo ntchito yake ndi zitseko. Kachipu ka kiyi wolowetsa sikadya batire ayi, mphamvu kamatenga ku koyilo. Choncho zitseko kutseguka sikutanthauza kuti kiyi ali bwino, ndiponso kusintha kabatire ka rimoti pa kiyi wolowetsa nthawi zambiri sikuchotsa kanyale kaja. Chimodzimodzi kiyi wodulitsa wachitsulo chokhachokha, atsegula chitseko, atembenuza loko, koma injini sailiza. Ndipo kompyuta yakale ija akanaigula akanavutika nayo, chifukwa kompyuta, bokosi la imobilaiza ndi makiyi zimakhala zolembetsana, ukabweretsa yachilendo siidziwa kiyi aliyense wa galimoto yako mpaka ipulogilamidwe.

Komanso tisamangoti kanyale kakaphethira ndiye kuti kwaipa. Galimoto ikakhala yozimitsa, kiyi atachotsedwa, pa magalimoto ambiri kamaphethira pang'onopang'ono usiku wonse, imeneyo ndi ntchito yake ndipo sikamaliza batire. Pofunika kuyang'ana ndi pamene kiyi ali pa ON. Kakazima pakangopita masekondi ochepa, kiyi wazindikirika. Kakapitiriza kuphethira kapena kuyaka osazima, sanazindikirike. Pa Toyota zambiri kamasiya kuphethira mukangolowetsa kiyi wolembetsedwa, pa Honda ndi kakiyi kobiriwira kamene kamaphethira kiyi akakanidwa, pa Nissan kamayaka osazima, pomwe ma Volkswagen ambiri amachita kukunyengani, injini imalira ndithu kenako pakatha sekondi imodzi kapena awiri n'kuzima yokha. Buku la galimoto yanu limanena za kanyale kanu, ngati simunalitaye.

Nanga kakazima bwinobwino koma galimoto osalirabe? Pamenepo imobilaiza isiyeni, vuto lili kwina, kafufuzeni mafuta ndi moto monga mwa masiku onse. Ndipo mukamva kuti thethethe nyale za pa dashibodi zikuzilala pamene mukuyesa kuliza injini, yambani ndi batire ya galimoto, chifukwa magetsi akatsika kwambiri kompyuta imalephera kuwerenga kiyi n'kuyatsa kanyale komweko pomwe kiyi alibe mlandu. Batire yodzaza imaonetsa pafupifupi mavolti 12.6 galimoto ili chozimitsa, ikamaonetsa 12 kapena kutsikirapo yafooka, ndipo polizira isamagwe pansi pa 10 kwenikweni. Mitu ya batire yomasuka kapena yochita zoyerayera zija imabweretsa zomwezo.

Zoti muchite zikakugwerani n'zochepa. Siyani kupotokola. Chotsani kiyi, mumuchotse pa mulu wa makiyi enawo, makamaka ngati pali kiyi wa galimoto ina wokhalanso ndi kachipu, chifukwa machipu awiri akayandikana ndi koyilo amayankhira limodzi kompyuta n'kusokonezeka, zitsulo zambiri pafupi ndi mutu wa kiyi nazonso zimatchinga. Dikirani pang'ono, lowetsani kiyi yekha, ikani pa ON osaliza, yang'anani kanyale. Kakakanabe tengani sipeya. Sipeya akaliza ndiye kuti wolakwa ndi kiyi woyambayo, mwina anagwa kachipu n'kusweka kapena kusuntha, mwina kanatsala mu chikhokho, ndipo wodziwa makiyi a galimoto akupangirani wina pogwiritsa ntchito sipeyayo. Onse awiri akakanidwa, kayikirani mbali ya galimoto, koyilo ija, pulagi yake imene imamasuka anthu akamaika wailesi kapena alamu, fyuzi, kapena madzi amene analowa pansi pa dashibodi.

Amene muli ndi galimoto zodina batani, kwa inu kabatire ka rimoti n'kofunika, ndipo kakiyi pa dashibodi kawirikawiri kakungonena kuti katha, mwinanso ndi mawu akuti Key not detected. Pondani buleki, gunditsani rimotiyo pa batani la START lenilenilo kenako dinani, mkati mwake mulinso kachipu kosadalira batire kamene kamawerengeka pafupi pomwepo. Magalimoto ena malo ogunditsira ali pena, m'kabokosi ka pakati pa mipando kapena pambali pa chiwongolero. Ikalira kagulireni kabatire, ambiri ndi CR2032 ka mavolti 3 koma onani nambala pa kakaleko, ndipo rimoti musamaiike thumba limodzi ndi foni polizira.

Zonsezi zikakanika itanani munthu wokhala ndi makina owerengera makodi a imobilaiza, osati timakina totchipa tongowerenga injini, chifukwa makodi ena sakhala ku injini. P0513 ikutanthauza kiyi wolakwika, pa Toyota B2796 ndiye kuti kachipu sikakuyankha n'komwe, B2799 ndi kusamvana pakati pa kompyuta ya injini ndi imobilaiza. Aliyense wobwera ndi pulayala asanalumikize makina, mubwezeni. Konzekeraninso mapepala a galimoto ndi chiphaso chanu poti opanga makiyi odalirika amafuna umboni woti galimotoyo ndi yanu, ndipo ngati muli ndi kiyi mmodzi yekha pangitsani wachiwiri panopa akadagwira ntchito, chifukwa onse akatayika pa magalimoto ena mpaka amachita kumasula bokosi la imobilaiza kapena kompyuta kuti alembetse watsopano.