Pamapu a bekale, yang'anani kaye pamene mtanda ukudikira

Mukapatsidwa mapu osonyeza mmene buledi amayendera kuchokera pa ufa mpaka m'pepala, musathamangire mabokosi osonyeza ntchito iliyonse. Yambani ndi mzere wapansi uja wokwera ndi kutsika ngati masitepe. Umasiyanitsa mphindi zimene mtanda ukugwiridwa ntchito ndi mphindi zimene wangokhala. Kachizindikiro ka makona atatu pakati pa mabokosi kamasonyeza katundu amene waunjikana.

Tiyerekeze makina anu amakanda mtanda wa malofu 180 nthawi imodzi, koma uvuni imalowa malofu 60 okha ndipo imawotcha kwa mphindi 30. Mtanda ukafufuma, malofu oyamba alowa pompo, achiwiri adikira mphindi 30, omaliza mphindi 60. Pamapu mudzaona kachizindikiro kaja patsogolo pa uvuni, nambala yake ndi malofu 120 odikira. Ndiye kuti uvuni ndi imene ikuchedwetsa zonse, ndipo kugula makina okandira othamanga n'kungotaya ndalama. Kandani mtanda wa malofu 60 mphindi 30 zilizonse basi.

Chenjerani ndi kufufuma. Ambiri amakuwerengera ngati nthawi yotayika poti palibe akugwira mtandawo, chikhalirecho yisiti ali pantchito. Ngati mtanda wanu umafuna mphindi 60 koma wakhala 120, zotayika ndi 60 zapamwambazo. Umboni wake mudzaupeza m'thireyi yomaliza, buledi wophwa pamwamba, wa mabowo akuluakulu, wonunkhira mowawasa.

Manambalawo muwatenge nokha ndi wotchi usiku pophika, osati kufunsa kapitawo. Iye adzakuuzani mmene ziyenera kukhalira.